Katoni ya Mafuta Odzola Kuchoka ku Joni: Phindu Lili Pati?

Mabasi ndi malole ochokera ku Johannesburg akamatsitsa katundu ku Blantyre kapena ku Lilongwe, sipalephera kupezeka makatoni omatidwa tepi mbali zonse, olembedwa dzina ndi nambala ya foni. Ambiri mwa makatoniwa si a eni masitolo. Ndi a mayi wogwira ntchito ya m'nyumba ku Joni, kapena mnyamata wogwira m'shopu ku Cape Town, amene waona kuti mafuta odzola ogulitsidwa motchipa kumeneko amakafika mtengo wina kumudzi. Amagula, amatumiza, mng'ono wake amagulitsa kwa abale, anzake a kutchalitchi ndi a kuntchito, ndipo onse amayembekeza kuti mwezi ukatha pakhala kangachepe.

Geni imeneyi imayenda, koma ambiri amaisiya asanatumize katoni yachitatu, ndipo chifukwa chake sichikhala kusowa kwa makasitomala. Katundu amatha ndithu. Chomwe chimavuta n'chakuti ndalama zomwe zatoleredwa sizikwaniranso kugula katoni yofanana ndi yoyamba ija. Pa malonda oitanitsa kunja, phindu silioneka pa tsiku logulitsa. Limaoneka pa tsiku lomwe makwacha otoleredwa abwerera kukhala marandi n'kugulanso katundu yemweyo, n'kutsalako zina. Kuti tione pomwe ndalama zimathawira, titsatire katoni imodzi kuchoka pashelefu ku Johannesburg mpaka m'manja mwa kasitomala ku Blantyre. Mitengo yomwe tigwiritse ntchito ndi yachitsanzo, yosankhidwa kuti masamu aphweke. Aliyense aikepo mitengo ya tsiku lake.

Zolowa m'katoni

Tiyerekeze kuti mayi wathu wa ku Joni wagula zinthu zamitundu inayi. Watenga mabotolo 24 a mafuta odzola a mamililita 400 pa R60 lililonse, marolo-oni 24 pa R30, mafuta a tsitsi 12 pa R45, ndi mabotolo 6 a perefyumu pa R300. Zonse pamodzi zakwana R4,500, ndipo katoniyo ikulemera pafupifupi makilogalamu 17. Wonyamula katundu wamulipiritsa R600.

Funso loyamba lofunika kudzifunsa ndi lakuti R600 imeneyo yadyedwa ndi katundu uti. Mafuta odzola a m'mabotolo akuluakulu amakhala ndi madzi ambiri, ndipo madzi amalemera. Mabotolo 24 aja okha akulemera makilogalamu pafupifupi 11 mwa 17, kutanthauza kuti atenga pafupifupi R390 ya ndalama zonyamulira. Botolo lililonse la R60 lawonjezeka R16 lisanafike n'komwe pachipata, zomwe zikuposa gawo limodzi mwa magawo anayi a mtengo wake. Perefyumu yense akulemera kilogalamu imodzi ndi theka, choncho botolo la R300 lawonjezeka R9 yokha. Ichi n'chifukwa chake anthu omwe akhalitsa pa geniyi amachepetsa mafuta akuluakulu n'kuchulukitsa tinthu ting'onoting'ono tamtengo. Mafuta akuluakulu amakopa makasitomala chifukwa aliyense amawadziwa, koma ndi omwenso masitolo a ku Limbe ndi ku Malangalanga amaoda pa lole yathunthu, ndipo munthu wa katoni imodzi sangapikisane nawo pa mtengo. Musanagule chilichonse, mng'ono wanu apite kaye m'masitolo atatu akalembe mitengo ya chinthu chomwecho, cha kukula komweko. Ngati mtengo wa m'sitolo kumudzi sukufika kuwirikiza kawiri mtengo wa ku Joni, chinthucho chisiyeni pashelefu.

Pali katundu wina wooneka ngati waphindu koma wogona. Zodzola za kumaso zomwe zimayenera kufanana ndi khungu la munthu zimabwera m'mitundu yambiri, ndipo wogula ali ku Joni sangaone nkhope ya kasitomala wa ku Chilomoni. Akagula mitundu isanu ndi umodzi, iwiri imatha msanga, inayi imakhala m'kabati mpaka kuuma. Katundu wotere ndi wogula pokhapokha munthu ataitanitsa yekha, atatchula nambala ya mtundu wake, n'kupereka ndalama yoyambira.

Kogula nakonso n'kofunika. Masitolo akuluakulu ngati Clicks ndi Dis-Chem kawirikawiri amatsitsa mitengo, nthawi zina m'njira yoti ukagula ziwiri chachitatu n'chaulere, ndipo amapereka lisiti loona. Lisitilo ndi umboni wa mtengo pachipata, komanso ndi umboni kwa kasitomala kuti katunduyo ndi weniweni. Katundu wa m'misika ya m'tauni amatchipa kuposa apo, koma kumeneko n'komwe kumasakanikirana zenizeni ndi zafeki, ndipo lisiti lake nthawi zambiri limakhala kapepala kolemba pamanja.

Ulendo wa pamsewu

Msewu wodziwika umachoka ku Johannesburg, kuoloka pa Beitbridge, kudutsa Harare, kulowa Mozambique pa Nyamapanda, kuoloka Zambezi ku Tete, n'kudzalowa m'Malawi pa Mwanza kapena pa Dedza. Basi imatenga pafupifupi masiku awiri, ndipo lole imatha kutenga sabata kapena kuposerapo ikachedwa m'zipata. Chigwa cha Tete chimatentha koopsa, moti mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo m'kati mwa ngolo yotseka mumatentha kuposa kunja.

Kutentha kumeneku kumaononga zodzola m'njira zodziwika. Mafuta odzola ndi msanganizo wa madzi ndi mafuta, ndipo akatentha kwambiri ziwirizi zimalekana. Mukafinya botolo, mumayamba kutuluka timadzi kenako zoundana, ndipo kukhutchumula sikubwezeretsa. Lipisitiki amatuluka thukuta, amapindika kapena kusungunuka. Mankhwala a kumaso okhala ndi vitamini C amasintha mtundu n'kukhala achikasu chakuda kapena ofiirira, chizindikiro chakuti mphamvu yake yachepa. Mafuta olimba ngati a tsitsi ndi a pakhungu a mtundu wa vasilini amasungunuka n'kulimbanso popanda vuto lalikulu, bola chivindikiro chisatayitse.

Kulongedza bwino kumapulumutsa zambiri. Chivindikiro chilichonse chimatidwe tepi. Mabotolo opopa atsekedwe pakhosi, chifukwa katoni ina ikakhala pamwamba pake imapopa yokha mpaka botolo kutha. Mabotolo aikidwe choimirira, angapoangapo m'majumbo omanga, kuti limodzi likataya lisanyowetse mabokosi a perefyumu. Bokosi la perefyumu likathimbirira, kasitomala amayamba kukayikira ngakhale za m'kati zili bwinobwino. Musanatseke katoni, jambulani zonse ndi foni, lembani mndandanda, ndipo mndandandawo utumizidwe kwa wolandira kuti akawerenge wonyamulayo ali pomwepo. Gwirizananinso ndi wonyamula pa zinthu ziwiri, kuti ndalama zomwe mwamupatsa zikuphatikiza msonkho kapena ayi, komanso kuti katoni ikasowa kapena ikagwidwa alipira ndani.

Otumiza kuchokera ku Britain kapena kwina kodutsa pandege ali ndi malire ena. Perefyumu ali ndi mowa woyaka moto, ndipo iye pamodzi ndi zopopera za m'zitini amawerengedwa m'gulu la katundu woopsa. Malamulo a ndege amalola wokwera kunyamula zodzola zoterezi zosapitirira malita awiri kapena makilogalamu awiri zonse pamodzi, ndipo botolo lililonse lisapitirire theka la lita. Mapositi ofesi ambiri salola perefyumu kutumizidwa kunja kwa dziko. Amene amadzaza sutikesi ndi perefyumu n'kupatsira mnzake wopita kumudzi amamuika mnzakeyo pa chiopsezo choti katunduyo achotsedwe pabwalo la ndege.

Pachipata: msonkho umakwerana

Ambiri amayamba geniyi akuganiza kuti katoni imodzi ndi katundu wa munthu payekha. Wogwira ntchito ku Malawi Revenue Authority akatsegula katoni n'kupeza marolo-oni 24 ofanana, safunikira kufunsa zambiri. Kuchuluka kwa zinthu zofanana ndi komwe kumasonyeza kuti ndi malonda, ndipo mwayi womwe wapaulendo amapatsidwa wolowetsa zinthu zake zochepa popanda msonkho sukhudza katundu wogulitsa.

Chomwe chimadzidzimutsa anthu si kukula kwa msonkho umodzi, koma momwe misonkho imasanjikizirana. Poyamba amatenga mtengo wa katundu n'kuphatikiza ndalama zonyamulira. Pamenepo amawerengera msonkho wolowetsera katundu. Ngati katunduyo ali m'gulu lolipira msonkho wa ekisaizi, umenewo amauwerengera pa mtengo wophatikiza kale msonkho woyamba uja. Pomaliza pamabwera VAT, yomwe imawerengeredwa pa zonsezo pamodzi. Mapelesenti ake amasintha ndi bajeti ya boma komanso mtundu wa katundu, chifukwa perefyumu, zodzola za pakhungu, za tsitsi ndi sopo zili ndi manambala osiyana m'buku la misonkho. Choncho ndi bwino kufunsa ku ofesi ya MRA musanagule, osati katoni itafika kale pa Mwanza.

Kuti tione momwe kukwerana kumeneku kumachitikira, tiyerekeze kuti msonkho wolowetsera ndi 25 peresenti, ekisaizi ndi 10 peresenti, ndipo VAT tiike pa 16.5 peresenti, pomwe inakhala kwa zaka zambiri m'Malawi. Katoni yathu ya R4,500 ndi R600 yonyamulira zikupanga R5,100. Msonkho woyamba ukuifikitsa pa R6,375. Ekisaizi ikuifikitsa pa R7,012. VAT ikuifikitsa pafupifupi pa R8,170. Munthu wongophatikiza mapelesenti atatuwa angayembekezere 51.5 peresenti, koma chifukwa chokwerana msonkho wafika pa 60 peresenti, yomwe ndi R3,070. Tikawonjezera R150 ya katoni, tepi ndi takisi yopita kokakwezera, katoni yonse yafika pa R8,320. Chinthu chilichonse cha R1 pashelefu chafika kumudzi chili R1.85, ndipo botolo lija la R60 tsopano ndi la R111.

Ena amamva kuti katundu wochokera ku South Africa salipira msonkho chifukwa cha mgwirizano wa SADC. Mgwirizanowo ulipodi, koma uli ndi malire awiri. Umakhudza katundu wopangidwa m'maiko a SADC okha, kotero perefyumu wopangidwa ku France sasanduka wa ku South Africa chifukwa wagulidwa ku Johannesburg. Chachiwiri, pamafunika chiphaso chosonyeza komwe katundu anapangidwa, ndipo munthu wogula pa tilu ya sitolo sapatsidwa chiphaso chimenecho. Ngakhale chitapezeka, chimachepetsa msonkho wolowetsera wokha, pomwe ekisaizi ndi VAT zimakhalapobe.

Onyamula ena amalonjeza kuti adutsitsa katundu popanda zonsezi. Katundu wosalembetsedwa akapezeka amagwidwa, pamakhala chindapusa, ndipo mwini katoni yemwe alibe lisiti la msonkho m'dzina lake alibe poyambira kudandaula. Geni yomwe imapindula pokhapokha msonkho ukazembedwa imatha tsiku lomwe katoni imodzi yagwidwa, chifukwa mpamba wonse umakhala uli m'katoni yomweyo.

Zosayenera kugulitsa kwa m'bale

Pa katundu yense wa zodzola, amene amafunsidwa kwambiri ndiponso amatha msanga ndi mafuta oyeretsa khungu. Apa m'pomwe wogulitsa ayenera kudziwa kuwerenga botolo, chifukwa amene adzadzole ndi mlamu wake, mwana wa azakhali ake, kapena mnzake woimba naye kwaya.

Pali zinthu zitatu zofunika kuziyang'ana pa mndandanda wa zosakaniza. Choyamba chimalembedwa kuti *hydroquinone*. Munthu akachidzola kwa nthawi yaitali, makamaka akuyenda padzuwa, khungu lomwe limayera lija limayamba kuchita zigamba zakuda mobiriwira m'masaya ndi pamphumi, ndipo zigambazi n'zovuta kwambiri kuchiza. Dziko la South Africa linaletsa mankhwalawa m'zodzola mu 1990, choncho mafuta okhala nawo omwe akugulitsidwa pamsika ku Joni alowa kapena apangidwa mozemba. Chachiwiri ndi masiteroidi, olembedwa kuti *clobetasol* kapena *betamethasone*, omwe nthawi zambiri amabwera m'timachubu ting'onoting'ono. Amenewa ndi mankhwala a matenda a pakhungu ofunika kulemberedwa ndi dokotala, ndipo m'Malawi kuitanitsa ndi kugulitsa mankhwala kumayang'aniridwa ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Akadzoledwa tsiku ndi tsiku amapyapyalitsa khungu mpaka mitsempha kuonekera, amabweretsa ziphuphu ndi mizere yong'ambika, ndipo munthu akasiya mwadzidzidzi khungu limayabwa n'kuda kuposa kale, zomwe zimamubwezera kukagulanso. Chachitatu ndi mekyule, wolembedwa kuti *mercury*, *calomel* kapena *mercurous chloride*. Amaononga impso ndi mitsempha ya ubongo, ndipo amafika kwa mwana wosabadwa ndi woyamwa. Maiko omwe ali mu pangano la Minamata anagwirizana mu 2023 kuti zodzola zonse zothiridwa mekyule zithetsedwe pofika 2025.

Vuto n'lakuti opanga mafuta oterewa kawirikawiri salemba zoona pabotolo. Choncho pali zizindikiro zina zochenjeza. Botolo lopanda mndandanda wa zosakaniza, lopanda dzina ndi adiresi ya kampani, lolonjeza kuyeretsa m'masiku asanu ndi awiri, kapena mafuta osakaniza pamanja ogulitsidwa m'kabotolo kopanda chizindikiro, zonsezi n'zosayenera kulowa m'katoni, kaya phindu lake likhale lotani.

Perefyumu wafeki naye ali ndi zomugwirira. Nambala ya gulu lomwe anapangidwira imadindidwa pansi pa bokosi ndi pansi pa botolo, ndipo ziwirizi ziyenera kufanana. Pulasitiki wokutira bokosi lenileni amakhala wothina ndi womatidwa mwaukhondo. Wafeki amanunkhira mowa kwambiri poyamba, n'kuzimiririka ola lisanathe. Koma chizindikiro chachikulu ndi mtengo: perefyumu yemwe m'sitolo yodalirika ali pa R1,500 sangapezeke weniweni pa R200. Kugulitsa perefyumu wotchipa wa dzina lakelake si cholakwa, bola kasitomala auzidwe chomwe akugula. Cholakwa ndi kumuuza kuti ndi orijino.

Pa mabotolo ambiri pamakhalanso kachithunzi ka kabotolo kotsegula, kolembedwa 6M, 12M kapena 24M. Kamatanthauza miyezi yomwe chinthucho chimakhala chabwino chikatsegulidwa. Wogulitsa amene amatsegula botolo kuti makasitomala anunkhize adziwe kuti botololo layamba kuwerenga masiku, ndipo ndi bwino kupatula limodzi loyesera n'kuliwerengera ngati ndalama yomwe yalowa pa geni.

Ngongole ya pachibale

Tsopano katoni yafika. Kuti masamu aphweke, tiike randi imodzi pa K100, kotero katoni yathu yadya K832,000. Mng'ono uja waika mitengo yoti zonse zikagulitsidwa zibweretse K1,080,000. Botolo la mafuta odzola lili pa K14,400, rolo-oni pa K7,200, perefyumu pa K72,000. Papepala phindu ndi K248,000, ndipo ku Joni mayi wathu wayamba kale kuganiza za malata.

Koma mabotolo awiri afika atataya, ndiye K28,800 yapita. Marolo-oni atatu apita ngati mphatso, chifukwa katundu wochokera kwa mwana wawo sangadutse mayi ake ndi apongozi osalawako, ndiye K21,600 yapita. Perefyumu mmodzi watengedwa ndi msuweni amene anati, "Achemwali, ndipatseni kaye, ndikupatsani malipiro akangotuluka," ndipo malipiro atuluka katatu osaoneka. Imeneyo ndi K72,000. Zotoleredwa zatsika kufika pa K957,600, ndipo phindu latsala K125,600, pafupifupi theka la lija la papepala. Apa mng'ono wogulitsayo sanalandire kalikonse, chonsecho wayenda, waimba mafoni, walipira minibasi ndi ndalama zotapira ku Airtel Money ndi ku Mpamba. Akapatsidwa 10 peresenti ya zomwe watolera, mwini mpamba atsala ndi ndalama zosakwana K30,000.

Kugulitsa kwa abale ndi anzathu kuli ndi ubwino wake, chifukwa sipafunika lendi ya shopu kapena kutsatsa, ndipo anthu amakukhulupirira. Kuipa kwake n'kwakuti chida chomwe wamalonda aliyense ali nacho, chokana kapena kulonjerera ngongole mwamphamvu, m'bale alibe. Mudzakumana pa maliro, pa chinkhoswe ndi pa ukwati, ndipo paja amati chibale ndi fupa, sichiola. Wangongole amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake ngongole ya m'bale imabwezedwa pomalizira, ya katapila ndi ya banki m'khonde zitatha.

Njira zomwe zimagwira ntchito n'zosavuta, koma ziyenera kukhazikitsidwa katoni isanafike. Katundu wodula ngati perefyumu agulidwe pokhapokha woitanitsa atapereka theka, ndipo asachoke m'nyumba theka linalo lisanaperekedwe. Katundu afike pafupi ndi masiku a malipiro a mwezi, pomwe anthu ali ndi ndalama m'manja. Mphatso zigulidwe padera, ziikidwe m'jumbo yakeyake yolembedwa maina, kuti wogulitsa athe kunena moona kuti, "Azakhali, zanu ndi izi, izo zinazo n'zowerenga." Zimathandizanso kuti wogulitsa kumudzi asakhale mwini katundu, chifukwa amatha kukana mwaulemu ponena kuti eni ake ali ku Joni ndipo amafuna ndalama yake ikwane. Malipiro a wogulitsayo agwirizanidwe poyambirira, ndipo awerengeredwe pa ndalama zomwe zatoleredwa, osati pa katundu yemwe watuluka. Akamalipidwa pa katundu wotuluka, alibe chifukwa chokanira ngongole. Kabuku kolemba dzina, chinthu, tsiku ndi ndalama yotsala kajambulidwe sabata iliyonse n'kutumizidwa kwa mwini mpamba, chifukwa mikangano yambiri ya pachibale pa geniyi imayamba pomwe wina akukumbukira zosiyana ndi mnzake.

Kwacha ikagwa katundu ali pa ngongole

Chotsala ndi chomwe chimapha geni ngakhale ya anthu osamala. Katoni inagulidwa m'marandi, yagulitsidwa m'makwacha, ndipo yotsatira iyenera kugulidwanso m'marandi. Pakati pa kugula ndi kutolera ndalama yomaliza pamatha miyezi iwiri kapena itatu, ndipo m'miyezi imeneyo kwacha siima.

Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, pomwe dola imodzi inachoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700 tsiku limodzi. Tibwerere ku katoni yathu. Ndalama zotoleredwa ndi K957,600. Randi ikakhalabe pa K100, zimenezi ndi R9,576, zokwanira kugula ndi kufikitsa katoni ina ya R8,320. Randi ikakwera kufika pa K115, ndalama zomwezo ndi R8,327, kutanthauza kuti phindu lonse latha ndipo anthu awiri agwira ntchito miyezi itatu kwaulere. Ikafika pa K144, monga zikanakhalira pa kugwa kofanana ndi kwa 2023, zatsala R6,650, ndipo mpamba weniweniwo wadyeka ndi R1,670. M'kabuku ka ku Blantyre zikuoneka kuti apindula, chifukwa K957,600 ikuposa K832,000. Ku Joni katoni yachiwiri yachepa.

Pa chifukwa chimenechi mtengo wogulitsira suyenera kuchokera pa zomwe munalipira mwezi watha, koma pa zomwe mungalipire lero kuti mubweretse chinthu chomwecho. Kwacha ikagwa, katundu yemwe ali m'kabati akwezedwe tsiku lomwelo, ngakhale anagulidwa pa mtengo wakale. Makasitomala amadandaula, koma masitolo onse amachita chimodzimodzi. Chomwe sichingakwezedwe ndi ngongole. Msuweni amene anatenga perefyumu pa K72,000 adzabweza K72,000 yomweyo, ngakhale itasiya kukwanira kugula botolo lina. Ngongole iliyonse yotenga nthawi ndi kuchotsera mtengo komwe wogulitsa sanavomereze.

Palinso vuto lobweza ndalamazo ku South Africa. Kutumiza ndalama kuchoka ku Joni kupita ku Malawi n'kosavuta kudzera ku makampani ngati Mukuru, koma njira yobwerera ndi yopapatiza. Ndalama zakunja zakhala zikusowa m'mabanki a m'Malawi kwa zaka zingapo, mtengo wa pamsika wamseri umakhala wokwera kwambiri kuposa wa kubanki, ndipo kusintha ndalama kwa anthu opanda chilolezo n'kosemphana ndi malamulo. Amene amawerengera mitengo yake pa mtengo wa kubanki pomwe marandiwo sangawapeze pa mtengo umenewo amadzinamiza yekha.

Ichi n'chifukwa chake geniyi imawayendera bwino kwambiri anthu omwe amatumiza kale ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi. Makwacha a malonda sabwerera ku Joni n'komwe. Amalipira fizi ya ana, feteleza, njerwa ndi chakudya cha makolo, ndipo marandi omwe akanatumizidwa pa zimenezo ndi omwe amagula katoni yotsatira. Apa muyeso wake ndi umodzi: R8,320 ikanatumizidwa ngati ndalama, banja likanalandira makwacha angati tsiku limenelo? Ngati katoni yabweretsa zoposa pamenepo, wogulitsa atalipidwa ndipo ngongole zosabwezedwa zitachotsedwa, ndiye kuti geni ilipo. Ngati yabweretsa zochepera, kunali bwino kungotumiza ndalamazo. Njira imeneyi ilinso ndi malire ake, chifukwa geni singakule kuposa ndalama zomwe banja limafuna pamwezi. Wofuna kupitirira apo walowa m'malonda enieni, ofunika kulembetsa bizinesi, kukhala ndi nambala ya msonkho ya TPIN, kudutsa ku Malawi Bureau of Standards yomwe imayang'anira ubwino wa katundu wolowa m'dziko, ndi kupempha ndalama zakunja kubanki.

Kwa woyamba kumene, katoni yoyamba ikhale yaing'ono, ya zinthu zomwe anthu aitanitsa kale, yogulidwa ndi ndalama zomwe zitatayika banja silingagone ndi njala. Yachiwiri isagulidwe mpaka ndalama za yoyamba zitatoleredwa, n'kusinthidwa papepala kukhala marandi pa mtengo wa tsiku limenelo, n'kuyerekezedwa ndi zonse zomwe zinalowa, kuyambira pa tilu mpaka pa tepi. Masamu amenewo amatenga theka la ola, ndipo ndi omwe amanena ngati katoni yachiwiri ikhale yaikulu, isinthe katundu, kapena isagulidwe.